Kalata ya mnzanu yofunsira ntchito: muuzeni pomwe yafooka isanapite

Masiku ano kalata yofunsira ntchito kawirikawiri imayamba yadutsa pafoni ya mnzake wa mwini kalatayo isanafike kwa abwana. Imabwera pa WhatsApp usiku ndi mawu akuti, "Tandionerako, akutseka Lachisanu." Ambiri timaiwerenga mothamanga, n'kukonza chilembo chimodzi kapena ziwiri, kenaka n'kuyankha kuti ili bwino, Mulungu atsogole. Usiku umenewo onse awiri amagona mtima uli m'malo.

Vuto ndi loti wolemba ntchito sadzaiwerenga ndi mtima wachibale. Patebulo pake pamakhala mulu wa makalata, ndipo zilengezo zambiri za ntchito, ngati zija timaziona mu The Nation ndi The Daily Times, zimanena poyera kuti adzayankhidwa ndi okhawo osankhidwa kukachita intaviyu. Choncho kalata ikagwa, mwini wake samva chomwe chinalakwika. Amangodikira, kenaka n'kutumiza kalata yomweyo kwina, ndi zofooka zomwezo. Munthu amene angamuuze zoona nthawi ikadalipo ndi inu amene wakupatsani kuti muione.

Pali njira ziwiri zomulakwira. Ina ndi kumusyasyalika poopa kumukhumudwitsa. Ina ndi kudzaza pepala lonse ndi zokonza mpaka munthu kuchita manyazi n'kusiya kufunsira ntchitoyo. Njira yothandiza ndi yosankha zofooka zochepa zomwe zingagwetsedi kalatayo, kuloza chiganizo chenicheni pomwe vuto lili, kunena chomwe wowerenga amve akafika pamenepo, ndi kumufunsa mwini kalata mafunso omuthandiza kukonza yekha.

Pemphani chilengezo musanawerenge kalata

Kalata yofunsira ntchito ndi yankho, ndipo funso lake ndi chilengezo cha ntchitoyo. Simungadziwe ngati yankho lili bwino musanaone funso. Ndiye mnzanu akangotumiza kalata, mupempheni zinthu zina ziwiri: chilengezocho, ngakhale chithunzi chake chabe, ndi sivi yake, pepala lija lofotokoza maphunziro ndi ntchito zomwe wagwirapo. Mufunsenso tsiku lotsekera, chifukwa malangizo opatsa munthu amene watsala ndi sabata ndi osiyana ndi opatsa amene watsala ndi ola limodzi.

Tiyeni tiyerekeze nkhani imodzi n'kuitsata mpaka pamapeto. Bungwe lina logawa zipangizo zaulimi likufuna wosunga katundu pa nyumba yake yosungiramo katundu ku Mchinji. Chilengezo chatchula zinthu zinayi: satifiketi ya MSCE, zaka ziwiri zogwira ntchito yosunga ndi kuwerengera katundu, kudziwa Excel, ndi kulola kukhala kumudzi. Chawonjezera kuti dipuloma ya za kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu ingakhale mwayi woposa ena.

Mnzanu ndi mayi amene wagwira zaka zitatu m'sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza ku Kasungu. Kalata yake, yomwe walemba m'Chingerezi monga mwa chizolowezi cha m'maofesi, ili ndi ndime zinayi. Yoyamba ikutchula dzina lake, zaka zake, mudzi ndi mfumu yaikulu ya kwawo, mpingo wake, ndi kuti akupempha modzichepetsa ntchito iliyonse yomwe ingapezeke. Yachiwiri ikundandalika masukulu onse kuyambira pulayimale, ndipo kumapeto kwake kuli chiganizo chimodzi chonena kuti anagwirapo m'sitolo ndipo ankasunga buku la katundu. Yachitatu ikuti iye ndi wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu, wotha kugwira ntchito popanda womuyang'anira. Yachinayi ikufotokoza kuti akulera ana amasiye a mchemwali wake ndipo ntchitoyi ikhala chipulumutso cha banja lonse. Pamwamba, pomwe pali adiresi ya olandira, patsala dzina la kampani ina yomwe anafunsirako mwezi watha.

Werengani ngati simukumudziwa

Kawerengedwe koyamba kakhale kopanda cholembera m'manja. Werengani kamodzi, mofulumira, monga angachitire munthu amene ali ndi makalata ena ambiri omudikira. Mukamaliza, ikani kalatayo pambali n'kudzifunsa: munthuyu akufuna ntchito iti, nanga wandipatsa zifukwa ziti zomuitanira? Ngati mayankho sakubwera, vuto lalikulu mwalipeza kale.

Povuta ndi poti inu mukumudziwa. Mukudziwa kuti mayiyu ndi amene ankatsegula ndi kutseka sitolo ija, ndipo mwini sitolo ankamusiyira makiyi akapita ku Lilongwe kukaoda katundu. Mukawerenga mawu akuti "wokhulupirika", mutu wanu umadzaza wokha zonsezi, n'kuona ngati zalembedwa. Wolemba ntchito alibe chodzazira. Chomwe sichili papepala, kwa iye kulibe.

Kawerengedwe kachiwiri kakhale ndi chilengezo pambali. Tengani zofunika zinayi zija chimodzichimodzi n'kufufuza pomwe kalata yaziyankha. MSCE ilimo, ngakhale yabisika pakati pa mndandanda wa masukulu. Zaka zosunga katundu zili m'chiganizo chimodzi chopanda tsatanetsatane. Excel mulibe. Zokhala kumudzi mulibe. Tsopano muli ndi chonena chomwe sichikuchokera pa zokonda zanu. Simukuti kalatayo sinakusangalatseni. Mukuti pa zinthu zinayi zomwe afunsa, ziwiri sizinayankhidwe ndipo chimodzi changokhudzidwa pang'ono. Mawu otere munthu amawalandira mosavuta, chifukwa angathe kudzionera yekha.

Sankhani zochepa, zikuluzikulu poyamba

M'kalata ngati iyi mungapeze zolakwika 20 mutafuna. Musazinene zonse. Munthu akalandira mndandanda wautali sadziwa chachikulu ndi chiti, ndipo amayamba ndi zophweka: amakonza zilembo ndi mipumiro, n'kusiya ndime yomwe ikumugwetsa. Komanso n'kutaya nthawi kusalaza ziganizo za ndime yomwe pamapeto pake ichotsedwa yonse.

Pa kalata ya mayiyu, zazikulu ndi zitatu. Choyamba, umboni wa ntchito yomwe akuidziwa wapatsidwa chiganizo chimodzi pomwe mawu odzitamanda apatsidwa ndime yathunthu. Chachiwiri, kalata yayamba ndi kutha ndi kupempha chifundo m'malo monena zomwe angalichitire bungwelo. Chachitatu, yangokhala chete pa Excel ndi zokhala kumudzi. Dzina la kampani ina lija ndi laling'ono pokonza koma ndi loopsa, chifukwa limauza wowerenga kuti kalatayi ndi yoyendayenda. Limenelo linenedwe msanga, m'mawu ochepa, lisaiwalike.

Yambani ndi chabwino, koma chikhale choona

Kuyamikira kuli ndi ntchito yake: kumamuuza munthu chomwe asachotse pokonza. Ndiye kuyenera kuloza chinthu chenicheni. "Mwalemba bwino" sikumuthandiza kalikonse. Koma munganene kuti, "Achemwali, chiganizo chija mwati munkasunga buku la katundu, ndicho champhamvu m'kalata yonseyi. Anthuwa akufuna zimenezo. Chandidandaulitsa n'choti mwachibisa pansi pa masukulu." Apa mwayamikira, ndipo mwatsegula kale khomo la chidzudzulo popanda kusintha nkhope.

Chenjerani ndi chizolowezi chokuta chidzudzulo ndi mawu okoma ambiri kutsogolo ndi kumbuyo. Munthu wotopa ndi ulova amamva zokomazo n'kusiya chapakaticho. Mukamaliza kulankhula iye n'kunena kuti, "Ndiye ndingotumiza eti?", dziwani kuti mwafewetsa mpaka uthenga wasowa.

Lozani malo, nenani zomwe wowerenga amve, funsani funso

Chidzudzulo chomveka chimakhala ndi mbali zitatu. Chimatchula malo, chimafotokoza zomwe zichitike m'mutu mwa wowerenga akafika pamenepo, ndipo chimatha ndi funso lomwe yankho lake ndi lomwe liyenera kulowa m'kalata. Mawu akuti "ndime yachitatuyi ndi yofooka" ndi chigamulo chabe, ndipo munthu sadziwa poyambira. Yesani motere: "Pa ndime yachitatu mwati ndinu wokhulupirika ndi wolimbikira. Aliyense amene wafunsira ntchitoyi alemba zomwezo, ndiye owerenga angodumphapo. Kusitolo kuja chinachitika n'chiyani chomwe chingaonetse kukhulupirikako?"

Poyamba mwina ayankha kuti palibe chachilendo, ankangogwira ntchito. Anthu ambiri saona ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ngati chinthu choyenera kulemba. Musalekere pomwepo. Funsani mafunso ang'onoang'ono a ntchito yeniyeniyo. Lole ikabwera ndi feteleza, ankalandira ndani? Matumba amakhala angati nthawi ya dzinja? Munkawerengera kangati? Buku likasiyana ndi katundu amene ali pansi, munkatani?

Tiyerekeze kuti wayankha motere: "Ndinkalandira ndine, n'kuwerenga matumba pamaso pa dalaivala ndisanasainire. Nthawi yodzala amafika mpaka 600, a makilogalamu 50. Loweruka lililonse tikatseka ndinkawerengera sitoko yonse n'kufananiza ndi buku. Tsiku lina ndinapeza kuti matumba 12 akusowa, nditatsata malisiti ndinaona kuti oda imodzi inalembedwa kawiri." Mukamva zimenezi muuzeni kuti, "Achemwali, ndime yanu ndi imeneyo. Lembani zomwe mwandiuzazi, muchotse mawu aja." Ndime yatsopanoyo inena kuti kwa zaka zitatu ankalandira ndi kulemba m'buku katundu wofika matumba 600 nthawi yodzala, ankawerengera sitoko sabata iliyonse, ndipo anapeza n'kukonza kusiyana kwa matumba 12. Mawu akuti "wokhulupirika" sakufunikanso, wowerenga afika pamenepo yekha. Onetsetsani chabe kuti manambalawo ndi oona, chifukwa mwini sitolo akhoza kuimbiridwa foni kuti achitire umboni.

Ndime yowawa kuinena

Ndime ya ana amasiye ndi yomwe ambiri timaidumpha, chifukwa zomwe yanena ndi zoona ndipo ndi zopweteka. Koma ndi imodzi mwa zomwe zikuifooketsa kalatayo, ndiye iyenera kunenedwa. Siyanitsani moyo wa munthuyo ndi pepalalo. Munganene kuti, "Za anawa ndikuzidziwa, ndipo ndikudziwa mtolo womwe mwasenza. Koma amene awerenge kalatayi wapatsidwa ntchito yosankha munthu woti asunge katundu wa ndalama zambiri. Akafika apa aona munthu wopempha thandizo, pomwe inu muli ndi luso lomwe iwo akulisowa. Malo amenewa tiyikepo zoti ndinu wokonzeka kukakhala ku Mchinji."

Zaka, mudzi, mpingo ndi za banja zomwe zili m'ndime yoyamba nazonso zichoke, pokhapokha ngati chilengezo chapempha china mwa izo. Lamulo la ntchito la dziko la Malawi la chaka cha 2000 limaletsa kusala wofunsira ntchito chifukwa cha zinthu monga chipembedzo, mtundu, kukhala pabanja kapena udindo wosamalira banja. Zinthuzi siziyenera kukhala muyezo wosankhira munthu, ndiye palibe chifukwa choziika patsogolo. Chiganizo choyamba chitchule ntchito yeniyeni yomwe akufunsira, komwe anaona chilengezo, ndi nambala yake ngati ilipo. Mawu akuti "ntchito iliyonse" amamveka ngati kudzichepetsa, koma kwa wowerenga amasonyeza kuti munthuyo sanaganizire ntchito yawoyo.

Pomwe mnzanu akuperewera

Nanga za Excel? Funsani kaye musanagamule, chifukwa kukhala chete kwa kalata kungachokere pa zinthu ziwiri. Mwina amaidziwa koma anaiwala kulemba, ndipo kukonza kwake ndi chiganizo chimodzi chonena zomwe amachita nayo. Mwina anaiphunzira pa kosi yaifupi ya kompyuta koma kusitolo ankagwiritsa ntchito buku. Ngati zili choncho, alembe zomwezo: anaphunzira Excel, amatha kulowetsa katundu ndi kuwonkhetsa, ndipo kaundula amene ankasunga m'buku ndi yemweyo amene angamusunge pakompyuta.

Chomwe musalole ndi kukuza zinthu mpaka kukhala bodza. Ngati mnzanu akufuna kulemba kuti ndi katswiri wa Excel pomwe sadziwa kuwonkhetsa manambala a mzere umodzi, muletseni mosabisa mawu. Pa intaviyu ya ntchito ngati iyi angamukhazike pakompyuta kuti aonetse. Ndipo ngakhale atadutsa, lamulo lantchito lija limalola olemba ntchito kuchotsa munthu popanda chidziwitso ngati alibe luso lomwe ananena kuti ali nalo. Za dipuloma, popeza chilengezo chati ndi mwayi wowonjezera chabe, asapepese kuti alibe. Angoisiya, zaka zitatu zija zimulankhulire.

Musamulembere

Mukaona kalata yofooka ndipo inu Chingerezi mumachitha, dzanja limayabwa kuti mungoilemba yonse mwatsopano. Kuteroko kumaoneka ngati chifundo, koma kuli ndi mavuto atatu. Kalatayo imamveka ngati inu, ndipo pa intaviyu anthu amadabwa kuti wolankhula ndi wolemba sakufanana. Inu ntchito yakeyo simukuidziwa bwino, ndiye mumadzaza mipata ndi zongoganizira zomwe iye sangazifotokoze akafunsidwa. Ndipo mwezi wamawa kukatuluka ntchito ina, abweranso kwa inu ali pomwe anali.

Ngati mukufuna kumuonetsa kalembedwe, konzani chiganizo chimodzi chokha ngati chitsanzo, zotsalazo achite yekha. Mukamagwiritsa ntchito Word, ikani ndemanga m'mbali mwa tsamba m'malo mofufuta mawu ake. Ngati n'kotheka, zazikulu zija mukambirane pakamwa kapena pafoni. Uthenga wolemba umamveka wouma kuposa momwe munafunira, komanso mafunso aja ofukula umboni amayenda bwino pocheza. Ndipo kalata ya mnzanu si yoionetsa pagulu la WhatsApp kuti ena aikeponso maganizo iye asanavomere.

Zing'onozing'ono zibwere pamapeto

Akakonza zazikulu, mupempheni akutumizireninso. Apa ndi pomwe mungatenge cholembera n'kuona zotsala. Dzina la bungwe ndi udindo wa wolandira zilembedwe ndendende monga zilili m'chilengezo. Mutu wa kalata utchule ntchitoyo. Zaka zomwe zili m'kalata zigwirizane ndi za m'sivi, chifukwa kalata ikati zaka zitatu pomwe sivi ikuonetsa ziwiri, wowerenga amayamba kukayikira zonse. Nambala ya foni ikhale yogwira. Kalata ikwane tsamba limodzi, ndipo ikatumizidwa pa imelo ikhale PDF kuti isasokonekere poitsegula, pokhapokha ngati chilengezo chanena njira ina. Pofufuza ziganizo zopotoka, muuzeni aiwerenge mokweza. Pomwe wapunthwa lilime, pamenepo pali pokonza.

Kalata ikakufikani kutatsala ola limodzi, musayambe kuigwetsa yonse. Konzani dzina lolakwika, chotsani ndime yopempha chifundo, onjezani ziganizo ziwiri za umboni, ipite. Zina zonse mukambirane pambuyo pake pokonzekera ntchito ina.

Akakana, kapena akakhala wamkulu kwa inu

Si malangizo onse amene alandiridwe. Mnzanu akhoza kuumirira kuti ndime ya ana ikhalebe. Nenani chifukwa chanu kamodzi momveka, mwinanso kachiwiri, kenaka musiyeni. Kalatayo ndi yake, ndipo dzina lomwe lili pansi ndi lake. Dziwaninso malire anu. Ngati ntchitoyo ndi yaunamwino kapena yowerengera ndalama ndipo inu simunagwirepo, nenani kuti mwaona za kamvekedwe ndi kayankhidwe ka chilengezo, koma za mkati mwa ntchitoyo aonetse munthu wa ntchito yomweyo.

Wolemba akakhala malume anu, alamu anu kapena munthu amene anakuphunzitsanipo, ulemu usinthe kanenedwe kokha, osati mfundo. Ikani chidzudzulo m'kamwa mwa wowerenga: "Amalume, ndinayesa kuiwerenga ngati ndine wa ku ofesi kuja. Nditafika apa ndinafuna kudziwa kuti munkayang'anira anthu angati. Kodi tingaikepo?" Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mawuwa amagwira ngakhale wotsinayo ali mphwanu, bola atsine mwaulemu.

Pofuna kudziwa ngati malangizo anu agwira, musayang'ane kumwetulira kapena zikomo. Mufunseni kuti akakhala pansi ayamba kukonza chiyani. Akatchula zinthu ziwiri kapena zitatu zenizeni, monga kukweza nkhani ya buku la katundu pamwamba ndi kuchotsa ndime yomaliza, ndiye kuti mwamveka. Akati akonza Chingerezi basi, bwerezani, chifukwa chachikulu sanachimve.

Kalata yokonzedwa bwino siitsimikiza ntchito. Ofunsira amakhala ambiri, ndipo zina zomwe zimachitika posankha anthu sizili m'manja mwa inu kapena mnzanuyo. Chomwe chili m'manja mwanu ndi kuonetsetsa kuti sakugwa chifukwa cha vuto lomwe inu munaliona n'kulisiya. Ngati mulibe nthawi yowerenga chilengezo ndi kalata mofatsa, muuzeni zoona kuti apeze wina msanga. Ngati mwavomera kuiona, ioneni ndithu, ndipo munene zomwe mwapeza.